Intigiro ya Malire: Kupeza Gwero ndi Kulitsimikiza

Kwa amene ali ndi mpopi pakhomo, mwezi ukamatha kumabwera munthu wowerenga mita ya madzi. Munthuyu sakhala pampopi mwezi wonse kuwerenga zidebe zimene zatungidwa. Sadziwa kuti m'mawa madzi amatuluka mwamphamvu, masana amangodontha, ndipo usiku mpopi umakhala wotseka. Iye amangoyang'ana nambala imene ili pa mita lero, n'kuchotserapo nambala imene inalipo mwezi watha. Ngati lero pali 512 pamene mwezi watha panali 497, ndiye kuti pakhomopo pagwiritsidwa ntchito madzi okwana 15. Zonse zimene zinachitika pakatipa, kutsegula ndi kutseka konse, zalowa m'kuchotsera kumodzi kokha.

Pali nthambi ya masamu yotchedwa kalikulasi, imene imaphunzira zinthu zosintha. Ntchito imodzi yaikulu ya nthambiyi ndi yofanana ndi ya wowerenga mita uja: kuwonkhetsa chinthu chimene liwiro lake silikhazikika. Kuwonkhetsa kotereku, kochokera pa malo amodzi kukafika pa malo ena odziwika, ndiko kumatchedwa intigiro ya malire. M'mutu uno tiyenda ndi pepala la mafunso asanu, longa limene wophunzira kalikulasi amapatsidwa, ndipo pa funso lililonse tiona chizolowezi chimodzi chimene chimapulumutsa mayankho ambiri: kubwereranso m'mbuyo kukatsimikiza gwero lisanagwiritsidwe ntchito.

Liwiro la kusintha

Tisanafike pa mafunsowo tiyenera kudziwa ntchito ina imene imabwera poyamba. Tiyerekeze kuti madzi amene ali m'thanki akutsatira lamulo lakuti t², kutanthauza kuti nambala ya mphindi, imene tikuitcha t, ichulukitsidwe ndi iyo yomwe. Pa mphindi 1 muli lita imodzi, pa mphindi 2 muli malita 4, pa mphindi 3 muli malita 9. Madziwo akulowa pa liwiro lanji pa mphindi yachitatu yeniyeniyo?

Njira yopezera yankho ndi kusuntha pang'ono chabe. Pa t = 3 muli 9. Pa t = 3.01 muli 9.0601. Madzi awonjezeka ndi 0.0601 m'kanthawi ka 0.01, ndipo tikagawa ziwirizi tipeza 6.01. Tikachepetsanso kanthawi kaja, yankho limayandikirabe 6. Tikachita zomwezi pa mphindi 5 tipeza 10, pa mphindi 7 tipeza 14. Liwiro nthawi zonse likumakhala nambala ya mphindi kuchulukitsa ndi 2, ndiko kuti 2t. Lamulo latsopanoli, lotiuza liwiro la kusintha kwa lamulo loyamba, akatswiri amalitcha derivetivi. M'mutu uno tizingoti liwiro.

Sipafunika kubwereza masamu a kanthawi kakang'ono nthawi iliyonse, chifukwa pali njira yachidule. Kanambala kokhala pamwamba pa chilembo, kamene timakatcha pawa, kamatsika n'kukhala kochulukitsira, ndipo pawayo imachepa ndi imodzi. Liwiro la t² ndi 2t, liwiro la t³ ndi 3t², liwiro la t⁴ ndi 4t³. Liwiro la 4t ndi 4 basi. Nambala yongokhala payokha, monga 7 kapena 100, sisintha, choncho liwiro lake ndi ziro. Chofunika kuzindikira n'chakuti ntchito yopeza liwiro ili ndi malamulo okhazikika. Ukawatsata bwino sitepe ndi sitepe, yankho limatuluka lokha popanda kuganizira.

Gwero ndi malire awiri

Tsopano titembenuze funso. Tapatsidwa liwiro, ndipo tikufuna lamulo limene liwirolo linachokerako. Lamulo limeneli m'mabuku limatchedwa antiderivetivi, koma ife tilitcha gwero. Popeza liwiro la t² ndi 2t, gwero la 2t ndi t². Gwero ndilo mita yathu. Mita ya madzi imazungulira pa liwiro lenileni limene madzi akutulukira pampopi, ndipo n'chifukwa chake kusiyana kwa mawerengedwe ake awiri kumapereka madzi onse. Momwemonso, ukapeza lamulo limene liwiro lake likufanana ndendende ndi limene wapatsidwa, umaliwerenga pa malire akumapeto, n'kuliwerenganso pa malire oyambira, kenako n'kuchotsera. Polemba timati:

∫ₐᵇ f(x) dx = F(b) − F(a)

Apa f ndi liwiro lopatsidwa, F ndi gwero lake, a ndi malire oyambira, b ndi malire omalizira. Chizindikiro chachitali cha kumanzerecho ndi chilembo S chokokedwa, ndipo anayamba kuchilemba ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany mu 1675. Iye ndi Isaac Newton wa ku England, aliyense payekha, ndi amene anaika poyera kuti kupeza liwiro ndi kuwonkhetsa ndi ntchito ziwiri zobwezana, ngakhale kuti James Gregory ndi Isaac Barrow anali ataona kale mbali ya mfundoyi m'zolemba zawo za mu 1668 ndi 1670.

Vuto lili apa. Kupeza liwiro kuli ndi malamulo ogwira ntchito paliponse, koma kupeza gwero kulibe njira imodzi yotsimikizika. Nthawi zambiri munthu amayang'ana funso, n'kukumbukira lofanana nalo, n'kuyesa. Kuyesako kumatha kuphonya. Koma chifukwa ntchito ziwirizi n'zobwezana, ntchito yophwekayo ingathe kuweruza yovutayo. Mwana wa ku pulayimale akagawa 84 ndi 7 n'kupeza 12, amachulukitsa 12 ndi 7 kuti aone ngati abwerera pa 84. Wophunzira kalikulasi akapeza gwero, apeze liwiro lake, aone ngati abwerera pa funso.

Funso loyamba: thanki yodzaza

Mpopi ukutsegulidwa pang'onopang'ono, moti madzi akulowa m'thanki pa liwiro la malita 6t + 4 pa mphindi. Ndi madzi ochuluka bwanji amene alowa kuchokera pa mphindi 1 kufika pa mphindi 5? Pa pepala funsoli lalembedwa chonchi:

∫₁⁵ (6t + 4) dt

Tiyambe ndi 6t. Tikudziwa kuti t² imabereka 2t, ndipo ife tikufuna 6t, yomwe ndi katatu kake. Choncho tiyese 3t². Ya 4 ndi yophweka, imachokera ku 4t. Gwero lathu ndi 3t² + 4t. Tisanaike nambala iliyonse, titsimikize. Liwiro la 3t² ndi 3 kuchulukitsa ndi 2t, yomwe ndi 6t. Liwiro la 4t ndi 4. Pamodzi ndi 6t + 4, ndendende zimene zili m'funso. Tsopano tingathe kuwerenga mita. Pa t = 5 tipeza 75 kuphatikiza 20, yomwe ndi 95. Pa t = 1 tipeza 3 kuphatikiza 4, yomwe ndi 7. Tikachotsera, yankho ndi malita 88.

Funsoli lili ndi ubwino wakuti tingathe kuliona ndi nzeru wamba. Pa mphindi 1 madzi amalowa malita 10 pa mphindi, pa mphindi 5 amalowa malita 34. Popeza liwiro likukwera mofanana nthawi yonseyi, liwiro lapakati ndi 22, ndipo 22 kuchulukitsa ndi mphindi 4 ndi 88. Njira ziwiri zosiyana zagwirizana. Mafunso otsatirawa alibe njira yachiwiri yophweka chonchi, ndipo ndi pamene kutsimikiza gwero kumaonetsa phindu lake.

Funso lachiwiri: nambala yobisala m'mabulaketi

∫₀¹ (2x + 1)³ dx

Wophunzira amene wazolowera kuti gwero la x³ ndi x⁴/4 amathamangira kulemba (2x + 1)⁴/4. Wakweza pawa kuchokera pa 3 kufika pa 4, wagawa ndi 4, ndipo zikuoneka bwinobwino. Akaika malire, pa x = 1 apeza 81 kugawa ndi 4, pa x = 0 apeza 1 kugawa ndi 4, ndipo kusiyana kwake ndi 20. Nambalayi ndi yosalala, yopanda zotsalira, moti imamukhutiritsa. Ngakhale atayang'ana kukula kwa lamulo lopatsidwalo sangakayike, chifukwa limayamba pa 1 n'kukathera pa 27, ndipo 20 ili pakati pa ziwirizi. Koma yankholi ndi lolakwika.

Tiyeni tipeze liwiro la gwero lakelo. Lamulo likakhala ndi lamulo lina m'kati mwake, monga mmene 2x + 1 yakhalira m'mabulaketi, liwiro limapezeka m'magawo awiri. Choyamba timachita za kunja ngati kuti bulaketi yonse ndi chilembo chimodzi: 4 atsika, athana ndi 4 wogawira uja, patsala (2x + 1)³. Chachiwiri timachulukitsa ndi liwiro la za m'katizo. Limeneli limatchedwa lamulo la tcheni. Chifukwa chake n'chomveka: x ikasuntha sitepe imodzi, za m'mabulaketi zimasuntha masitepe awiri, choncho zonse zimathamanga kawiri. Liwiro la 2x + 1 ndi 2, ndiye chimene tapeza ndi 2(2x + 1)³. Funso linali ndi (2x + 1)³ yokha. Gwero la wophunzirayu likuthamanga kawiri kuposa mmene liyenera kuthamangira.

Taonani kuti kutsimikiza sikunangonena kuti pali cholakwika. Kwanenanso kukula kwa cholakwikacho. Ngati zatuluka zochuluka kawiri, mankhwala ake ndi kugawa gwero ndi 2. Gwero lokonzedwa ndi (2x + 1)⁴/8. Tilitsimikizenso: 4 atsika, 2 wa m'kati achulukitsa, apanga 8, amene athana ndi 8 wa pansi, ndipo patsala (2x + 1)³. Tsopano malire: 81 kuchotsera 1 ndi 80, kugawa ndi 8 ndi 10. Yankho lolondola ndi 10, theka la lija loyamba.

Amene akukayikira ngati lamulo la tcheni walikumbukira bwino angagwiritse ntchito kakyuleta ndi njira ija ya kusuntha pang'ono. Asankhe malo amodzi pakati pa malire, monga x = 0.5. Pamenepa lamulo la m'funso likupereka 2³, yomwe ndi 8. Awerenge gwero loyamba lija pa 0.5 ndi pa 0.501, achotsere, agawe ndi 0.001. Apeza pafupifupi 16.02. Akachita zomwezo ndi gwero lokonzedwa apeza pafupifupi 8.01. Nambala yoyandikira 8 ndi imene ikusonyeza gwero loona. Kuyesa pa malo amodzi sikutsimikiza kuti gwero ndi lolondola paliponse, koma kukaphonya pa malo amodzi okha, ndiye kuti gwerolo ndi lolakwika ndithu.

Cholakwika china cha mtundu womwewu ndi cha chizindikiro. Amene aphunzira sin x ndi cos x amadziwa kuti liwiro la sin x ndi cos x, koma liwiro la cos x ndi −sin x. Pobwerera m'mbuyo mainasi ameneyu amasokonekera mosavuta, moti ambiri amalemba kuti gwero la sin x ndi cos x. Mzere umodzi wotsimikiza umaonetsa kuti zatuluka −sin x, zotembenuka, ndipo gwero loona ndi −cos x.

Funso lachitatu: kutsimikiza kukhala njira yopezera gwero

∫₀¹ x·eˣ dx

Chilembo e chikuimira nambala yapadera, pafupifupi 2.718, ndipo eˣ ili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa: liwiro lake ndi iyo yomwe. Choncho gwero la eˣ ndi eˣ. Koma m'funsoli eˣ yachulukitsidwa ndi x, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Amapeza gwero la x payokha, x²/2, ndi gwero la eˣ payokha, n'kuzichulukitsa. Izi zimagwira ntchito pa zinthu zophatikizana, monga tinachitira ndi 6t ndi 4, koma sizigwira pa zinthu zochulukitsana.

Liwiro la zinthu ziwiri zochulukitsana lili ndi zigawo ziwiri: liwiro la choyamba kuchulukitsa ndi chachiwiri, kuphatikiza choyamba kuchulukitsa ndi liwiro la chachiwiri. Tikaligwiritsa pa (x²/2)·eˣ tipeza x·eˣ + (x²/2)·eˣ. Chigawo choyamba ndi chimene timafuna, koma chabwera ndi mnzake amene ndi wovuta kuposa funso lenilenilo. Njira imeneyi yatibweza m'mbuyo.

Tiyese china chophweka. Bwanji titangotenga x·eˣ yomweyo ngati gwero, popeza eˣ sisintha maonekedwe? Liwiro lake: liwiro la x ndi 1, choncho chigawo choyamba ndi eˣ, ndipo chachiwiri ndi x·eˣ. Tapeza eˣ + x·eˣ. Apanso pali chowonjezera, koma ulendo uno chowonjezeracho ndi eˣ, imene gwero lake tikulidziwa. Tikachotsera eˣ pa gwero lathu, liwiro lake lidzachepanso ndi eˣ, ndipo chowonjezera chija chidzatha. Gwero latsopano ndi x·eˣ − eˣ. Liwiro lake ndi eˣ + x·eˣ − eˣ, yomwe ndi x·eˣ. Zagwirizana. Mabuku ali ndi njira ya dzina lake yochitira mafunso otere, yogawa funso m'zigawo ziwiri, koma chimene njirayo imachita ndi chomwechi: kuyesa, kuona chotsala, ndi kuchichotsa.

Poika malire pali msampha wina. Pa x = 1 tipeza e kuchotsera e, yomwe ndi ziro. Wophunzira amene wazolowera kuti malire a ziro amapereka ziro salabadiranso kuwerenga kwachiwiri, ndipo amalemba kuti yankho ndi 0. Koma e⁰ ndi 1, osati ziro. Pa x = 0 gwero likupereka 0 kuchotsera 1, yomwe ndi −1. Yankho ndi 0 − (−1), yomwe ndi 1. Cholakwika ichi kutsimikiza gwero sikungachigwire, chifukwa gwerolo linali lolondola. Chimene chingachigwire ndi kufunsa ngati yankho likumveka. Pakati pa 0 ndi 1, x·eˣ imayamba pa ziro n'kumakwera mpaka pafupifupi 2.718, osatsikako pansi pa ziro. Kuwonkhetsa zinthu zoposa ziro sikungapereke ziro.

Funso lachinayi: mayankho awiri osiyana, onse olondola

∫₀² (x + 1) dx

Ophunzira awiri akhala pa desiki imodzi. Wina watenga chigawo chilichonse pachokha n'kupeza x²/2 + x. Mnzake waona x + 1 ngati bulaketi imodzi n'kupeza (x + 1)²/2. Akayerekeza zolemba zawo, aliyense akuganiza kuti mnzake walakwa, ndipo akayesa x = 0 akupezadi nambala zosiyana: woyamba ziro, wachiwiri theka.

Mkanganowu umatha ndi kutsimikiza. Liwiro la x²/2 + x ndi x + 1. Liwiro la (x + 1)²/2 ndi x + 1 kuchulukitsa ndi liwiro la za m'kati, lomwe ndi 1, choncho ndi x + 1 yomweyo. Onse awiri alondola. Tikamasula bulaketi ya wachiwiriyo tipeza x²/2 + x + 1/2, kutanthauza kuti magwero awiriwa akusiyana ndi theka lokha, nambala yosasintha imene liwiro lake ndi ziro. Ichi n'chifukwa chake mabuku amawonjezera + C kumapeto kwa gwero: C ikuimira nambala iliyonse yosasintha.

Pa intigiro ya malire C ilibe ntchito, chifukwa imapezeka m'mawerengedwe onse awiri ndipo imatha pochotsera. Woyamba apeza 4 kuchotsera 0. Wachiwiri apeza 4.5 kuchotsera 0.5. Onse afika pa 4. Phunziro lake ndi lothandiza kwa aliyense wogwiritsa ntchito mayankho a kumapeto kwa buku. Gwero lako likasiyana maonekedwe ndi la m'buku, usalifufute msanga. Peza liwiro lake. Ngati likubweza funso, ndi lolondola, kaya likufanana ndi la m'buku kaya ayi.

Funso lachisanu: pamene gwero lolondola silikwanira

∫₋₁¹ (1/x²) dx

Funsoli aphunzitsi amalikonda chifukwa limagwira ngakhale wophunzira wosamala. Gwero la 1/x² ndi −1/x. Titsimikize: −1/x ndi chimodzimodzi ndi −x⁻¹, pawa −1 itsika n'kuthana ndi mainasi wa kutsogolo, pawayo ichepa kufika pa −2, ndipo tipeza x⁻², yomwe ndi 1/x². Palibe cholakwika. Tiike malire. Pa x = 1 gwero ndi −1. Pa x = −1 gwero ndi 1. Kuchotsera kukupereka −2.

Yankho limeneli n'losatheka. Nambala iliyonse, kupatula ziro, ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka nambala yoposa ziro, choncho 1/x² ili pamwamba pa ziro paliponse pamene ingawerengedwe. Kuwonkhetsa kwake sikungatsike pansi pa ziro. Nanga chalakwika n'chiyani, popeza gwero tinalitsimikiza?

Vuto lili pa x = 0, yomwe ili pakati penipeni pa malire athu. Pa x = 0.1 lamuloli likupereka 100. Pa x = 0.01 likupereka 10,000. Pa x = 0.001 likupereka 1,000,000. Tikamayandikira ziro limakula mopanda malire, ndipo pa ziro penipenipo silingawerengedwe, chifukwa palibe kugawa ndi ziro. Gwero nalonso limaduka pamalo omwewo: kumanzere kwa ziro limakwera kosalekeza, kumanja limayambira pansi kosafikika. Njira ya F(b) − F(a) imagwira ntchito ngati liwiro la F likufanana ndi f pa malo onse apakati pa a ndi b, popanda mpata. Kutsimikiza kwathu kunali koona paliponse kupatula pa malo amodzi, ndipo malo amodziwo ndi amene awononga zonse. Tikawonkhetsa kuchokera pa 0.01 kufika pa 1 tipeza 99, kuchokera pa 0.001 tipeza 999, ndipo nambalazi sizikhazikika. Yankho loona la funsoli ndi lakuti intigiroyi ilibe nambala imene imathera.

Malire akanakhala 1 ndi 2, gwero lomwelo likanagwira ntchito bwinobwino, n'kupereka −1/2 − (−1), yomwe ndi theka. Choncho musanayambe funso lililonse lokhala ndi chilembo pansi pa mzere wogawira, funsani ngati pali malo pakati pa malire pamene zapansizo zikukhala ziro.

Dongosolo la pa pepala

Mafunso asanuwa akutipatsa ndondomeko imene ingalembedwe mofanana nthawi zonse. Poyamba yang'anani malire, muone ngati lamulo likuwerengeka pa malo onse apakati pawo. Kenako lembani gwero pa mzere wakewake, musanaike nambala. Pa mzere wotsatira pezani liwiro la gwerolo, mulilembe lonse, ndipo muliyerekeze ndi funso chilembo ndi chilembo. Pamenepa pamafunika chilungamo. Munthu akadziwa kale chimene akufuna kuti chituluke, dzanja limangolemba chomwecho, n'kulumpha 2 wa m'mabulaketi kachiwiri monga linamulumphira poyamba. Chothandiza ndi kuphimba funso ndi chala kapena kapepala, n'kupeza liwiro ngati kuti ndi samu ina yatsopano, kenako n'kuvundukula.

Zikasiyana, kusiyanako kumanena kochita. Ngati zatuluka zochuluka kawiri kapena katatu, gawani gwero ndi nambala imeneyo. Ngati chizindikiro chatembenuka, tembenuzani cha gwero. Ngati patuluka chigawo chowonjezera chimene gwero lake mukulidziwa, chichotsereni. Koma kugawa kumaloledwa ndi nambala yosasintha yokha. Ngati chowonjezera chochulukitsira chili ndi x, monga 2x, kugawa gwero ndi 2x sikukonza kanthu, chifukwa 2x imeneyo nayo ili ndi liwiro lake limene lidzatulukira mukatsimikizanso. Gwero likadutsa mayeso, werengani malire onse awiri, aliwonse m'mabulaketi ake kuti mainasi asatayike, ndipo pomaliza funsani ngati chizindikiro ndi kukula kwa yankho zikugwirizana ndi lamulo la m'funso.

Malamulo opanda gwero lolembeka

Msampha wa 2x uja umaonekera bwino pa lamulo lina lotchuka, e^(−x²), limene limapereka girafu yooneka ngati belu, yogwiritsidwa ntchito kwambiri pa masamu a kafukufuku. Wophunzira amayesa lamulo lomwelo ngati gwero, n'kupeza kuti liwiro lake ndi −2x·e^(−x²). Amagawa ndi −2x, n'kutsimikizanso, ndipo patuluka chigawo china chatsopano. Akachichotsa patulukanso china. Angathe kutha tsiku lonse osafika. Vuto si luso lake. M'zaka za m'ma 1830, katswiri wa ku France, Joseph Liouville, anakhazikitsa mfundo zosonyeza kuti malamulo ena alibe gwero limene lingalembedwe ndi mapawa, eˣ, sin x, cos x, malogarizimu ndi zina zozolowereka, ndipo ili ndi limodzi mwa iwo.

Intigiro yake ilipo ndithu. Kuchokera pa 0 kufika pa 1 ndi pafupifupi 0.7468. Imapezeka podula mtunda wapakati pa malire m'tizigawo ting'onoting'ono, kuchulukitsa kagawo kalikonse ndi nambala imene lamulo likupereka pamenepo, n'kuwonkhetsa zonse, ntchito imene masiku ano imachitidwa ndi kompyuta. Mafunso a pa pepala la m'kalasi amasankhidwa dala kuti akhale ndi gwero lolembeka, choncho gwero likakana kudutsa mayeso katatu kapena kanayi, chinthu choyamba kuchita ndi kuonanso ngati funso linakopedwa molondola. Mainasi mmodzi wosiyidwa, kapena x mmodzi wotayika pokopa kuchokera pa bolodi, angasandutse funso la mizere itatu kukhala losatheka: x·e^(−x²) ili ndi gwero lophweka, −e^(−x²)/2, limene aliyense wodziwa lamulo la tcheni angalitsimikize pa mzere umodzi, pamene e^(−x²) yopanda x kutsogolo ilibe.